Foni ikalira sindiye kuti mbale yalipiridwa

Lachisanu lina usiku, azakhali anga anatsala pang'ono kuchotsa ntchito mtsikana amene wawagwirira zaka zitatu, chifukwa cha K15,000 imene mtsikanayo sanabe. Ine ndinali pomwepo, cholembera chili m'manja, ndipo kwa mphindi zingapo nanenso ndinamuyang'ana ndi diso lokayikira. Manyazi a tsiku limenelo ndi amene andilembetsa nkhaniyi.

Azakhali ali ndi lesitilanti ya matebulo 8 ku Limbe. Amaphika nsima, mpunga, nkhuku, nyama ya ng'ombe, nyemba ndi masamba, ndipo pakona pali firiji ya zakumwa. Odya ambiri ndi a m'mashopu, a m'maofesi ndi madalaivala. Ine ndimaphunzira zowerengera ndalama, choncho tchuthi chikafika azakhali amandikhazika pakauntala. Amati sukulu imene analipirako ionekere penapake.

Ife ophunzira timakonda kunena kuti ndalama ya pa foni kapena ya pa khadi ndi yotetezeka chifukwa imasiya mapazi. Mawu amenewa ine ndinawanenapo m'kalasi, ndipo ndinakhoza nawo mayeso. Lero ndikuti ndi oona theka. Mapaziwo alipodi, koma amangokuuza ndalama imene yalowa. Sakuuza ndalama imene imayenera kulowa. Lesitilanti imene yawonjezera njira zolipirira koma ilibe buku loona la mbale zimene zatuluka kukhitchini, yangowonjezera malo otayira ndalama, ndiponso yawonjezera zifukwa zonamizira antchito osalakwa.

Thumba limodzi linasanduka atatu

Kale azakhali ankatseka tsiku mosavuta. Ankakhuthula bokosi, n'kuwerenga, n'kuchotsa chenji cha mawa. Imene yatsala ndiyo ya tsikulo. Njira imeneyi inali ndi mabowo ake, komabe thumba linali limodzi.

Airtel Money inafika m'dziko muno mu 2012, Mpamba ya TNM n'kutsatira mu 2013, ndipo pang'ono ndi pang'ono kasitomala anayamba kufunsa kuti, "Nambala yanu ndi chani, ndingotumiza?" Kenako mabanki analumikizana kudzera ku Natswitch, moti khadi la banki ina limatha kugwira pa makina oswaipira a banki inanso. Azakhali anatenga makinawo chifukwa a m'maofesi ankabwera anayi kapena asanu nthawi imodzi, mmodzi n'kufuna kulipirira onse. Ndalama yathu yaikulu ya pepala ndi K5,000, imene inabwera mu 2022, ndipo lero imeneyo ndi mbale imodzi ya nsima ya nkhuku. Munthu wolipirira anzake asanu safuna kuyenda ndi mpukutu m'thumba.

Sindikutsutsa zimenezi. Wokana foni masiku ano akukana makasitomala. Koma taonani chimene chachitika. Mbale ndi imodzimodzi, pamene ndalama yake ingagwere m'bokosi, pa foni kapena ku banki. Matumba atatuwa sayenda mofanana. Ya m'bokosi umaigwira nthawi yomweyo. Ya pa foni imalowa msanga, koma imasakanikirana ndi zina zonse zimene foniyo imalandira ndi kutumiza. Ya pa khadi imafika tsiku lina, itadulidwa kale. Munthu amene angowerenga bokosi ngati kale amakhala akuwerenga gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo chilichonse chosowa m'gawo limenelo amachitcha kuba.

Buku lisanafike ndalama

Chimene ndinayambitsa pa tchuthi chimenecho sichinali chodula. Ndinagula kabuku ka malisiti ka kaboni, kokhala ndi manambala otsatizana, ndi msomali wautali umene tinakhomera pa thabwa pafupi ndi khomo la kukhitchini. Kasitomala akaitanitsa, woperekera amalemba zimene waitanitsa ndi mtengo wake, amathothola pepala lapamwamba n'kulipereka kwa ophika. Ophika satulutsa mbale popanda pepala, ndipo akatulutsa amalibaya pa msomali. Pepala la pansi limatsala m'kabuku. Kasitomala akalipira, woperekera amalemba chilembo chimodzi pa pepala lotsalalo: M ngati walipira pamanja, F ngati ndi pa foni, K ngati ndi khadi, N ngati ndi ngongole. Pa F ndi pa K amalembanso nthawi.

Mfundo yonse yagona pa chakuti mbale imalembedwa ndalama isanaoneke. Ukalemba zogulitsa potengera ndalama imene walandira, buku ndi bokosi zidzagwirizana masiku onse, ngakhale mbale khumi zituluke zaulere, chifukwa umakhala ukuyerekeza chinthu ndi chithunzi chake. Buku liyenera kuchokera kukhitchini, ndalama ichokere kukauntala, ndipo ziwirizi zikumane usiku ngati mboni ziwiri zimene sizinapangane.

Kumapeto kwa kabukuko tinasiya tsamba la zotuluka. Ndalama iliyonse yochoka m'bokosi kapena pa foni masana, kaya ndi ya makala, tomato kapena madzi, iyenera kulembedwa pamenepo nthawi yomweyo. Lamulo limeneli ndi limene linathyoledwa Lachisanu lija, ndipo analithyola si wantchito.

Lachisanu lija

Tinatseka 8 koloko usiku. Ndinayamba ndi msomali, kuwerenga mapepala ndi kuona ngati manambala ake akutsatizana. Panalibe losowa. Nditaphatikiza mitengo, tsikulo tinali titagulitsa chakudya ndi zakumwa za K320,000. Malinga ndi zilembo za m'kabuku, K150,000 inali ya pamanja, K110,000 ya pa foni, K60,000 ya pa khadi. Ngongole kunalibe.

Tinayamba ndi bokosi, monga mwa chizolowezi. M'mawa munali K20,000 ya chenji. Kuwonjezera K150,000 ya tsikulo, n'kuchotsa K15,000 ya makala ndi tomato imene inalembedwa pa tsamba la zotuluka, m'bokosi munayenera kukhala K155,000. Tinawerenga kawiri, ndipo kawiri konse tinapeza K140,000.

Azakhali sanafuule. Anangomuitana mtsikana uja n'kumuuza kuti, "Iwe, bokosili wagwira ndiwe masana onse. K15,000 ili kuti? Ndiuze tili tokhatokha, tisachite kufika patali."

Iye anati, "Mayi, ine sindinatengeko ngakhale kwacha imodzi. Mukhoza kundisecha."

Ndinapempha kuti tidikire kaye timalize matumba enawo. Ndinadindiza lisiti la tsiku lonse pa makina oswaipira, lija limaonetsa makhadi onse amene adutsa ndi ndalama yake pamodzi. Linati K65,000, pamene kabuku kankati K60,000. Apa panali K5,000 yopitirira. Nditaika malisiti ang'onoang'ono a makinawo pambali pa mapepala olembedwa K, lisiti limodzi la K5,000 linatsala lopanda mnzake. Mtsikana uja anakumbukira. Bambo wina anati alipira pamanja, iye n'kulemba M, koma atapisa m'thumba anapeza kuti ndalama yaperewera ndipo anatulutsa khadi. Chilembo sichinasinthidwe. K5,000 yoyamba inapezeka. Sinasowe konse, inangolowa pa khomo lina.

Kenako foni. Apa ndi pamene ambiri amasochera, chifukwa amayang'ana balansi. M'mawa pa foni panali K30,000, usiku panali K98,000. Woyang'ana balansi anganene kuti talandira K68,000 yokha, n'kuyamba kulira. Koma masana azakhali analipira wa nkhuku kuchokera pa foni yomweyo, ndipo pamodzi ndi yotumizira inakwana K40,000. Balansi imakuuza chimene chatsala. Chimene chalowa umachipeza powerenga mauthenga olandira limodzi ndi limodzi. Nditatero ndinapeza K108,000. Kabuku kankati K110,000. Kusiyana kunali K2,000 chabe.

Azakhali anati, "Imeneyo isiye mwanangu, ndi ya zakumwa ziwiri. Tifune yaikuluyi."

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma K2,000 inandivuta mumtima, chifukwa panalibe pepala la F la mtengo umenewo limene ndikanaliloza. Ndinayamba kuika uthenga uliwonse pambali pa pepala lake, potengera nthawi ndi mtengo. Ndipo mkati mwa K2,000 ija munatuluka nkhani ziwiri zazikulu zimene zinkabisana.

Yoyamba inali uthenga wa K15,000 wa cha m'ma 12 koloko, pamene pepala la nthawi imeneyo linali la K5,000. Azakhali atauona anagwira pakamwa. Dalaivala wina amene amadya pamenepo pafupifupi tsiku lililonse anawapempha kuti atumize K15,000, adye ya K5,000, ndipo K10,000 yotsalayo amupatse pamanja chifukwa kwa ejenti kunali mzere. Anamupatsa okha, kuchokera m'bokosi, osalemba paliponse. K10,000 imeneyo pamodzi ndi K5,000 ya khadi ija, K15,000 yonse ya m'bokosi inakwana. Mtsikana uja analibe mlandu.

Yachiwiri inali yowawa. Panali pepala la K12,000, mbale ziwiri za nkhuku ndi zakumwa ziwiri, lolembedwa F cha m'ma 2 koloko, koma pa foni panalibe uthenga uliwonse wa mtengo umenewo. Nthawi imeneyo foni inali m'chikwama cha azakhali kwa wa nkhuku kuja, popeza nambala yolandirira inali yawo ya masiku onse. Kasitomala anaonetsa woperekera uthenga pa foni yake wonena kuti ndalama yapita, woperekera anauona, n'kumulola kupita. Kaya munthuyo ananama kaya analakwitsa nambala imodzi potumiza, kwa ife zotsatira zake zinali chimodzimodzi. Chakudya chinadyedwa, ndalama sinafike.

Tsopano taonani masamu onse pamodzi. Bokosi linaperewera K15,000, foni inaperewera K2,000, khadi linapitirira K5,000. Zonse pamodzi, tsikulo linaperewera K12,000, ndipo imeneyi ndi yokhayo imene tinatayadi. Thumba limene linkaoneka kuti laperewera kwambiri silinataye kanthu. Thumba limene linkaoneka ngati lili bwino ndi limene munali chilonda.

Zimene Lachisanu linandiphunzitsa

Chinthu choyamba n'chakuti usaweruze thumba limodzi usanatseke onse atatu. Ukaona bokosi laperewera ndalama inayake ndipo khadi kapena foni yapitirira ndi ndalama yofanana, dziwa kuti ndi chilembo cholakwika kapena ndalama yosamuka, osati yotayika. Kutayika kwenikweni kumaoneka pa kusiyana kwa matumba onse pamodzi.

Chachiwiri, kusiyana kwakung'ono sikutanthauza vuto laling'ono. K2,000 ija inali K10,000 yopitirira ndi K12,000 yosowa zitakumbatirana. N'chifukwa chake pa foni ndi pa khadi sikokwanira kuyerekeza chiwerengero chonse. Malipiro aliwonse apeze pepala lake. Pa lesitilanti ngati ya azakhali mauthenga a tsiku limodzi sapitirira makumi awiri kapena atatu, ndipo kuwachonga kumatenga mphindi khumi.

Chachitatu, malipiro amatsimikizidwa ndi foni yolandira, osati yotumiza. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa chala ndi wa mphepo. Uthenga umene uli pa foni ya kasitomala udakali pa chala. Munthu akhoza kuonetsa uthenga wa dzulo, kapena umene wadzilembera yekha. Alipo ena ochenjera kuposa apa, amene amatumiza ku foni ya mwini malo uthenga wooneka ngati wa kampani, koma ukauyang'anitsitsa wachokera pa nambala wamba ndipo sunagwere pamzere wa mauthenga ena a kampaniyo. Ukakayika, funsa balansi pa *211# kapena *444#, malinga ndi netiweki yako. Ngati balansi sinakwere, ndalama sinabwere, ngakhale foni italira mokoma bwanji.

Pofuna kuti zimenezi zitheke, foni iyenera kukhala pakauntala tsiku lonse. Sabata yotsatira azakhali analembetsa nambala ya bizinesi yokha, n'kuiika m'kafoni ka mabatani kamene sikachoka pamalopo. Phindu lake silinali pa kuona mauthenga pokha. Pa nambala yawo yakale pankalowa ya chipereganyu, ya achibale ndi ya kumpingo, ndipo zonsezi zinkasakanikirana ndi ya nsima. Tinawonjezeranso kuti pa pepala la F pazilembedwa manambala atatu omaliza a foni ya wolipira, chifukwa nthawi ya nkhomaliro mauthenga a K5,000 amabwera motsatizana ndipo nthawi yokha sikuwasiyanitsa.

Nkhani ya dalaivala tinakangana pang'ono. Ine ndinati kupatsa anthu ndalama ya m'bokosi kutheretu, chifukwa lesitilanti si ejenti. Ejenti amalandira komishoni pa ntchito imeneyo, pamene ife timachotsa ndalama yogwirika imene tikufuna mawa kumsika, n'kutsala ndi ya pa foni imene tidzalipira poitapa. Azakhali anati kasitomala wa zaka zambiri sungamukane K10,000. Tinagwirizana pakati. Zikachitika, zilembedwe pa tsamba la zotuluka nthawi yomweyo, ndipo wochita akhale iwo okha. Chimodzimodzi munthu wa ngongole akabweza pa foni kumapeto kwa mwezi. Ndalama imeneyo si ya zogulitsa za lero, ndi ya mbale zimene zinalembedwa N masiku apitawo, ndipo ikapanda kupatulidwa imakweza foni n'kubisa chosowa cha tsikulo.

Khadi limatseka kawiri

Ya pa khadi ili ndi khalidwe lakelake. Lisiti la tsiku lonse litanena K65,000, ntchito inali isanathe, chifukwa lisitilo ndi lonjezo chabe la banki. Ndalama ya Lachisanu lija inaoneka mu akaunti Lolemba, ndipo inali K63,700. Banki imene inapatsa azakhali makinawo imadula K2 pa K100 iliyonse, choncho K1,300 inatsala komweko. Aliyense wotenga makina aone pa pepala la mgwirizano wake kuti iye amadulidwa zingati, ndiponso kuti ndalama imafika patapita masiku angati, chifukwa popanda manambala awiriwa sangadziwe ngati chimene chafika ndi chokwana.

Choncho khadi limatsekedwa kawiri. Usiku umayerekeza mapepala a K ndi lisiti la makina. Patapita masiku umayerekeza lisiti la makina ndi zimene zalowa ku banki, utachotsa komishoni. Ife tinatsegula tsamba la mizere inayi: tsiku, ndalama ya pa lisiti, imene tikuyembekeza itadulidwa, ndi tsiku limene yafika. Mzere umene wakhala wopanda tsiku lofika kwa sabata ndi umene timapita nawo ku banki, malisiti ali m'manja. Ndipo pa zogulitsa timalembabe K65,000, osati K63,700. K1,300 ija ndi ndalama imene bizinesi yawononga, ngati ya makala. Ukaibisa pochepetsa zogulitsa, sudzadziwa konse kuti makinawo amakudyera zingati pa mwezi.

Palinso lisiti limene limayambitsa mikangano. Netiweki ikamavuta, makina amatha kutulutsa lisiti lolembedwa DECLINED, pamene foni ya kasitomala yalira kuti ndalama yachoka mu akaunti yake. Kasitomala amakwiya, ndipo mkwiyo wake ndi womveka. Koma lamulo ndi lomwe lija la fodya. Lisiti likapanda kunena APPROVED, lesitilanti sinalipidwe. Ndalama imene yachoka kwa kasitomalayo ili pakati pa mabanki, ndipo njira yake ndi yobwerera kwa mwini khadi kudzera ku banki yake, osati kubwera kwa ife. Chimene timachita ndi kumupatsa lisiti lokanidwalo kuti akhale ndi umboni, kusunga lathu, ndi kumupempha mwaulemu kuti alipire njira ina. Woperekera sangathe kuima nji pa mkangano wotere ngati mwini malo sanamuuze pasadakhale kuti ali kumbuyo kwake.

Otsutsa akuti chiyani

Mnzanga wina wa m'kalasi atamva nkhaniyi anati zonsezi ndi zachikale, azakhali angogula pulogalamu ya pa kompyuta yolembera zogulitsa. Mapulogalamu otere alipo ndipo ena ndi abwino. Koma tiyeni tibwerere ku Lachisanu lija. Pulogalamu ikanalemba M pamene woperekera anadina M. Sikanadziwa kuti azakhali atulutsa K10,000 m'bokosi mwakachetechete. Sikanaona uthenga umene sunafike pa foni imene inali kwa wa nkhuku. Zolakwika zitatu zonse zinachitika m'manja mwa anthu, makina asanafikiridwe. Pulogalamu imafulumizitsa kuphatikiza, ndipo malo akakula kufika pa operekera asanu imathandizadi. Koma woigula asanaphunzire kutseka tsiku pa pepala amangopeza manambala olakwika osindikizidwa bwino.

Ena amati ndi bwino kungobwerera ku ndalama ya pamanja, popeza komishoni ndi yotapira zimadya phindu. Apa pali choona chimene sindingachikane. K1,300 pa tsiku limodzi si yochepa kwa munthu amene phindu lake pa mbale ndi laling'ono, makamaka mitengo ya mafuta ophikira ndi nkhuku itakwera monga inachitira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiponso ya khadi ya Lachisanu sikuthandiza kugula nkhuku Loweruka m'mawa. Kwa mayi wogulitsa nsima pa benchi limodzi, ine sindingamulangize kutenga makina oswaipira. Koma funso limeneli limayankhidwa ndi buku lomwelo. Azakhali atayang'ana mapepala a K a mwezi wonse anaona kuti ambiri ndi a magulu a m'maofesi, anthu amene amaitanitsa mbale zodula ndi zakumwa, ndipo akanapita kwina pakanakhala popanda makina. Anaganiza zowasunga. Wina akhoza kuyang'ana buku lake n'kuganiza zowabweza. Onse awiri akhala ataganiza ndi manambala, osati ndi mphekesera. Pa foninso, buku linawaonetsa kuti kutapa pang'onopang'ono kangapo pa tsiku kumawononga zambiri kuposa kulipira wa nkhuku ndi wa ufa pa foni pomwepo n'kutapa yotsalayo kamodzi.

Kutsutsa kumene kumandikhudza kwambiri ndi kwa amene amati kuwerenga kotereku ndi kusakhulupirira antchito, ndipo kumawononga ubale pa malo pamene anthu amakhala ngati banja. Ine ndinaona zosiyana ndi zimenezi. Pamene palibe buku, ndalama ikasowa mlandu umagwera munthu wochepa mphamvu pa onse, amene sangayankhe abwana ake. Mwini malo sadziika yekha pa mndandanda wa okayikiridwa, chonsecho ndi iye amene amapisa m'bokosi kawirikawiri popanda womufunsa. Lachisanu lija chimene chinapulumutsa mtsikana uja sichinali chifundo cha azakhali, ngakhale ali nacho. Chinali pepala la kaboni ndi uthenga wa 12 koloko. Kabuku kaja kanagwira mwini wake.

Ndivomerenso malire ake. Njira imeneyi sigwira chilichonse. Woperekera ndi wophika akagwirizana kutulutsa mbale popanda pepala, msomali ndi kabuku zidzagwirizana bwinobwino. Kuti uone zimenezo uyenera kuwerenga kuchokera kumbuyo: nkhuku zingati zagulidwa, nkhuku imodzi imatuluka zidutswa zingati, mabotolo angati analowa m'firiji m'mawa ndipo atsala angati. Imeneyo ndi ntchito ina, yofunika nkhani yakeyake. Ndiponso kutseka kumafuna munthu wosagona. Mphindi makumi awiri ndi zambiri kwa mayi amene waima pamoto kuyambira 5 koloko m'mawa. Koma ukadumpha masiku atatu, palibenso amene angakumbukire bambo amene anapisa m'thumba n'kutulutsa khadi. Kukumbukira kwa woperekera ndi mbali ya umboni, ndipo kumatha ndi tulo.

Kwa ife amene tikumaliza sukulu

Ambiri mwa ife sitidzalowa m'maofesi akuluakulu tikangomaliza. Tidzathandiza pa golosale ya mayi, pa saluni ya achemwali, kapena tidzayamba kathu kogulitsa chakudya pafupi ndi koleji. Tidzafika ndi mawu okoma onena za malipiro amakono, ndipo achibale adzatimvera chifukwa tinapita kusukulu. Ndikupempha kuti tisanawauze kuti aike nambala pakhoma kapena atenge makina ku banki, tiyambe takhala nawo usiku umodzi pa nthawi yotseka, n'kufunsa kuti lero zatuluka mbale zingati ndipo akudziwa bwanji. Ngati yankho lake lichokera m'bokosi, ntchito yathu yoyamba ndi kabuku ka kaboni ndi msomali.

Usiku uja titamaliza, azakhali anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anamuitana mtsikana uja n'kumuuza kuti, "Mwanangu, ndakulakwira. Ndalama ija ndinatulutsa ndine." Ya K12,000 sanamudule pa malipiro, chifukwa foni imene akanayang'anapo inali m'chikwama mwawo. Mtsikanayo akugwirabe ntchito pamenepo, ndipo masiku ano ndi iye amene amatseka buku. Nditapitako mwezi watha ndinapeza akuwaletsa azakhali kutsegula bokosi, cholembera atawalozetsa, mpaka atalemba kaye ya tomato.